Chitenje cha maluwa akuluakulu: kodi bulauzi yake ikhale ya mtundu wanji?

Nachisale (Chilomoni): Ndakupatsani moni nonse a pagulu pano. Mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe kumapeto kwa Okutobala, ndipo ife a kuchikazi tinagwirizana chitenje chimodzi, koma aliyense asoketse mmene akufunira. Chitenjecho chili ndi mikombero ikuluikulu ya mtundu wa olenji, uliwonse waukulu ngati mbale ya nsima, ndipo mkombero uliwonse wazunguliridwa ndi mzere wokhuthala wa buluu woderako kwambiri. M'kati mwa mikomberoyo muli timasamba tobiriwira ndi timadontho tachikasu, pomwe pansi pa nsalu yonseyo ndi pa kirimu. Ndinagula mamita anayi. Nditadzikulunga nacho thupi lonse pagalasi ndinaona kuti chikuthobwa m'maso, choncho ndaganiza zosoketsa siketi yayitali yokha, n'kuvalira bulauzi ya puleni. Funso langa ndi lakuti, pa mitundu isanu imene ili m'chitenjemu, bulauziyo nditengere uti? Mtima wanga ukukokera ku olenji chifukwa ndi umene wachuluka.

Tadala (Namiwawa): Achemwali, musadzivutitse ndi kuwerenga mitundu. Bulauzi yoyera imagwirizana ndi chitenje chilichonse, ndipo kunja kukatentha ngati mmene kumachitira mu Okutobala, yoyera ndi imene simutentherwa nayo. Ine zitenje zanga zonse ndimavalira shati yoyera, ndipo palibe amene anandiuzapo kuti ndawonjeza.

Anaphiri (Ndirande): Ine ndikudabwa kuti masiku ano chitenje chikuopedwa. Ife tinakula tikuvala chilundu, bulauzi ya chitenje, chakumunsi chachitenje, duku la chitenje chomwecho, ndipo pa chinkhoswe munthu ankadziwika patali kuti uyu ndi wa kuchikazi. Mukachidula n'kuvala theka, anthu a kuchimuna adzadziwa bwanji kuti ndinu mkulu wake wa mwini chinkhoswe? Mwana wanga, soketsani chonse, manyazi ndi chitenje si abwino.

Nachisale (Chilomoni): Amayi, sindikuchita nacho manyazi ayi, ndipo zilundu ndili nazo zimene ndimavala mosangalala. Vuto ndi chitenje ichi chokha. Ine ndine wamfupi, ndipo mkombero umodzi ukudzaza chifuwa changa chonse, moti munthu akandiyang'ana akuona mkomberowo, osati nkhope yanga.

Che Saidi (telala, Limbe): A Nachisale, mwafotokoza bwino chitenje chanu, moti ndikutha kuchiona ngakhale simunatumize chithunzi. Ndiyambe ndi kuwayankha Anaphiri mwaulemu kuti zimene akunena n'zoona pa zitenje za maluwa ang'onoang'ono, chifukwa maluwa otero amabwerezedwa kambirimbiri pa bulauzi, ndipo patali amaoneka ngati mtundu umodzi. Koma duwa likakula kufika mainchesi 10, pa bulauzi ya munthu wamfupi limakwana limodzi lokha, ndipo ena oyandikana nalo amadulidwa pa khosi, pa phewa ndi kukhwapa. Zidutswa za maluwa odukawo ndi zimene zimasokoneza maso. Pa siketi yayitali pali malo okwanira mikombero itatu kapena inayi yathunthu kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, n'chifukwa chake maganizo osoketsa siketi yokha ndi abwino.

Tsono pa nkhani ya mtundu, ine olenji ndikuukana, ngakhale ndi umene makasitomala ambiri amathamangira. Chifukwa choyamba n'chakuti olenji wachuluka kale pa siketi, ndiye mukamuwonjezeranso pa bulauzi, munthu yense mumasanduka olenji, ndipo chimene mumafuna kuchichepetsa mwachikulitsa. Chifukwa chachiwiri n'chakuti simudzapeza olenji wofanana ndendende ndi wa m'chitenjecho. Wa pa nsalu ya puleni adzakhala wofiirirako pang'ono kapena wachikasu pang'ono, ndipo mitundu iwiri yoyandikana koma yosafanana ikagundana m'chiuno, aliyense amaona kuti munkafuna kufananitsa koma zakanika. Ngakhale mutachita mwayi n'kupeza wofanana lero, chitenje cha thonje chimasuluka pang'onopang'ono mukamachichapa, pomwe nsalu ya poliyesita imasunga mtundu wake, ndiye pakatha miyezi ingapo ziwirizo zidzasiyana ndithu.

Mtundu umene ndingasankhe ndi buluu woderako uja, wa mzere wozungulira mikombero. Mzere umenewo ndi umene wamanga maluwa onse a m'chitenjecho, choncho bulauzi ikakhala ya mtundu umenewo, diso limautsatira kuchokera pamwamba n'kutsikira nawo m'siketi popanda kudodoma. Komanso mtundu wakuda chotero sufuna kufanana kwenikweni: buluu wa bulauzi akasiyana pang'ono ndi wa mzere, palibe amene amazindikira, chifukwa mzerewo ndi wopyapyala poyerekeza ndi bulauzi yonse.

Tadala (Namiwawa): Che Saidi, ndamva za olenji, koma yoyera mwaidumpha. Kodi ili ndi mlandu wanji?

Che Saidi (telala, Limbe): Ilibe mlandu, mwana wanga, ndipo pa zitenje zanu mwina ikukukhalani chifukwa pansi pake ndi poyera, kapena mulibe malo owala n'komwe. Koma a Nachisale anena kuti pansi pa chitenje chawo ndi pa kirimu. Mukaika nsalu yoyera mbee pafupi ndi kirimu, kirimuyo amaoneka ngati nsalu yoyera imene yada kapena yakalamba, ndipo chitenje chatsopano chimaoneka ngati chachapidwa chaka chonse. Yesani nokha: tengani pepala loyera la mu ofesi muliike pa chitenje chotere muli panja, mudzaona pansi pake pakusanduka pachikasu. Ngati akufuna bulauzi yowala chifukwa cha kutentha, asankhe ya kirimu yofanana ndi pansi pa chitenjecho, osati yoyera.

Mayi Gondwe (ogulitsa zitenje, msika wa Limbe): Ndiwonjezerepo za yoyerayo kuchokera ku mbali yanga. Zitenje zimene timagulitsa si zofanana utoto wake. Zilipo zimene sizisuluka, ndipo zilipo zotsika mtengo zimene zimataya utoto pa kuchapa koyamba ndi kwachiwiri, makamaka zofiira, za olenji ndi za buluu woderako. Munthu akapisira bulauzi yoyera m'siketi ya chitenje chosachapa, n'kuvina tsiku lonse ali thukuta kamukamu, madzulo amapeza mzere wa utoto kuzungulira m'chiuno mwa bulauziyo, ndipo nthawi zina suchoka. Musanapite nacho kwa telala, nyowetsani kansalu koyera, mukapukute mwamphamvu pakona pa chitenjecho pamene pali mtundu wowala kwambiri. Kakatuluka ndi utoto, dziwani kuti chiyenera kuchapidwa kaye chokha m'madzi ozizira mpaka madziwo atayera. Ine ndimawauza makasitomala anga kuti achiviike usiku wonse m'madzi a mchere, chifukwa mchere umagwira utoto.

Che Saidi (telala, Limbe): Za kansalu konyowa ndikugwirizana nanu kwathunthu, Mayi Gondwe, koma za mchere ndimakayika. Mchere umathandiza ku fakitale pamene akunyika nsalu, koma nsalu ikauma n'kufika pamsika, utoto umene sunagwire sugwiranso. Chimene chimathandiza pa kuviikako, mmene ine ndimaonera, ndi madziwo, amene amachotsa utoto wotsalira pamwamba. Komabe kuchapa musanasoketse kuli ndi phindu lina limene anthu amaliiwala: thonje limafupika pang'ono likalowa m'madzi koyamba, ndipo sitachi imene imalimbitsa chitenje chatsopano imachoka, moti mtundu weniweni umene mudzakhale nawo umaonekera. Bulauzi muisankhe poyerekeza ndi chitenje chochapa, osati chonyezimira cha pamsika.

Mayi Gondwe (ogulitsa zitenje, msika wa Limbe): Inu mumasoka, ife timachapa. Mayi anga ankathira mchere, inenso ndimathira, ndipo zitenje zanga sizinandikhumudwitsepo. Sindisiya.

Nabanda (Bangwe): Ine ndili ndi nkhani yanga imene ikundizunguza mutu. Pa ukwati wa msuweni wanga ndinachita zomwe mukunenazi: siketi ya chitenje cha maluwa ofiira ndi akuda, bulauzi ya mtundu umodzi, wagolide, womwenso unali m'chitenjemo. Koma zithunzi zitabwera ndinaona kuti zovalazo zachulukirana kuposa za anzanga amene anavala chitenje thupi lonse. Ndiye ngati mtundu umodzi uli yankho, zinalakwika pati? Bulauziyo inali ya lesi, yokhala ndi timikanda pakhosi.

Che Saidi (telala, Limbe): Achemwali, yankho mwalipereka nokha m'mawu anu omaliza. Lesi si puleni. Ngakhale ikhale ya mtundu umodzi, ili ndi maluwa akeake amene amapangidwa ndi timabowo ndi ulusi, ndiye inu munavala maluwa pamwamba ndi maluwa ena osiyana nawo kumunsi. Pamenepo munawonjezera golide, amene amanyezimira, ndi timikanda timene timabweza kuwala kwa kamera. Tikamati puleni timatanthauza zinthu zitatu pamodzi, mtundu umodzi, nsalu yosalala yopanda zojambula za m'kuluka kwake, ndiponso yosanyezimira. Satini amagwa pa chachitatuchi: ndi wosalala, koma pamene papindika pamawala ndipo pamene palowa pamada, moti pa chithunzi amaoneka ngati mitundu iwiri. Chitenje chochapa sichinyezimira, ndiye chimakhala bwino ndi nsalu zosanyezimira zinzake, monga popilini, bafuta kapena kirepi.

Nabanda (Bangwe): Koma pa zikwati za mu Blantyre muno theka la azimayi amavala lesi ndi chitenje, ndipo ena amatchena ndithu.

Tadala (Namiwawa): Inenso ndawaonapo, ndipo ndikuganiza kuti zimatengera kukula kwa maluwa a lesiyo. Ikakhala ya timabowo ting'onoting'ono, patali imaoneka ngati puleni.

Che Saidi (telala, Limbe): Apo mwalasa, a Tadala. Lesi ya maluwa ang'onoang'ono, yakuda kapena ya buluu woderako, yokhala ndi nsalu yam'kati ya mtundu womwewo kuti khungu lisaonekere m'timabowomo, imatha kudutsa. Imene imasokoneza ndi ya maluwa akuluakulu yoikidwa pa nsalu yam'kati ya mtundu wina, chifukwa pamenepo duwa lililonse limaonekera lokha. Koma kwa munthu amene wadandaula kale kuti chitenje chake chikuthobwa m'maso, ine sindingamuyambitse njira yovutayi pomwe yosavuta ilipo.

Nachisale (Chilomoni): Zikomo nonse. Chitenje ndachichapa, chinatulutsa utoto wa olenji pang'ono pa madzi oyamba okha. Dzulo ndinapita m'tauni kukafuna nsalu ya buluu woderako, ndipo ndakumana ndi vuto limene sindinaliyembekezere. M'sitolo nsalu zonse zakuda zimaoneka zofanana, moti sindinathe kusiyanitsa yakuda ndi ya buluu, ndipo ndabwerako chimanjamanja. Komanso ndayamba kukayika ngati mzere wa m'chitenje changa uli wa buluudi kapena ndi wakuda. Kodi pali kusiyana kwenikweni, kapena ndingogula yakuda imene ili paliponse?

Mayi Gondwe (ogulitsa zitenje, msika wa Limbe): Musagule nsalu pansi pa getsi la m'sitolo kapena pansi pa pulasitiki wa pamsika, chifukwa pulasitiki wa buluu amene ambiri timafolera amasintha mtundu wa chilichonse chili pansi pake. Dulani kachidutswa ka chitenje chanu kokhala ndi mitundu yonse, muyende nako m'chikwama, ndipo mupemphe wogulitsa kuti mutulutse nsonga ya nsaluyo pakhomo pamene pali kuwala kwa dzuwa. Ogulitsa amene amakana zimenezi ndi ochepa. Kuti mudziwe mtundu wa mzere wanuwo, ikani pafupi nawo chinthu chimene mukudziwa kuti n'chakuda bii, monga nsapato ya sukulu yopolisha. Ngati mzerewo uli wa buluu, uonekera pompo.

Che Saidi (telala, Limbe): Ndipo ukakhala wa buluu, funani wa buluu. Yakuda siyoipa, koma pafupi ndi olenji wowala imaoneka yolemera kwambiri, ndipo imadula munthu pakati, pamwamba mdima, pansi moto. Buluu woderako amagwirizana ndi olenji chifukwa mitundu iwiriyi ndi yotsutsana mwachibadwa, n'chifukwa chake amene anajambula chitenjecho anaiika pamodzi. Pali njira inanso yoyesera imene ndimagwiritsa ntchito kasitomala akabwera ndi nsalu ziwiri kapena zitatu osadziwa yotenga. Ndimayala chitenje patebulo, n'kuika nsalu ya puleniyo pamwamba pake mmene zidzakhalire pathupi, kenako ndimajambula ndi foni n'kuchotsa mitundu pa chithunzicho kuti chikhale chakuda ndi choyera chokha. Bulauzi yabwino imaoneka yoderapo kwambiri kapena yowalirapo kwambiri kuposa chitenjecho. Ikaoneka yotuwa mofanana ndi maluwa, ndiye kuti pathupi zidzalimbirana diso. Mukayesa ndi chobiriwira cha timasamba tanu tija, mudzaona kuti chikufanana kutuwa kwake ndi olenji, ndipo n'chifukwa chake sindinachitchule, ngakhale anthu ambiri amati tengani mtundu wochepa kwambiri m'chitenje.

Tadala (Namiwawa): Lamulo la mtundu wochepa kwambiri ndi limene ndinkalidziwa ine. Ndiye kuti n'labodza?

Che Saidi (telala, Limbe): Si labodza, koma limagwira ntchito pa zitenje zofatsa, za mitundu iwiri kapena itatu yoderako, pamene bulauzi yowala imadzutsa chovala chonse. Pa chitenje chimene chawala kale, mtundu wochepawo ukakhala wowalanso, monga chikasu cha timadontho ta a Nachisale, mukaukulitsa kufika pa bulauzi yathunthu mumakhala mwabweretsa mpikisano wachiwiri. Chikasu chimenecho achisungire ndolo kapena kachikwama ka m'manja, chimodzi mwa ziwirizo.

Yamikani (Zingwangwa): Pepani polowerera nkhani ya azimayi. Kuyambira pamene boma linalimbikitsa mu 2016 kuti Lachisanu tizivala zosokedwa konkuno, ku ntchito kwathu amuna ambiri timavala shati ya chitenje. Ine ndili ndi shati ya maluwa akuluakulu obiriwira ndi achikasu, ndipo ndimavalira buluku la khaki. Akazi anga amati sizikugwirizana, koma satha kunena chifukwa chake. Kodi mfundo zanu zimagwiranso ntchito chitenje chikakhala pamwamba?

Che Saidi (telala, Limbe): Achimwene, zimagwira, ndipo akazi anu ali ndi diso. Khaki ndi wachibale wa chikasu, koma wofooka, ndiye pafupi ndi chikasu chowala amaoneka ngati wosuluka, mofanana ndi zimene tanena za kirimu ndi nsalu yoyera. Yang'anani mzere umene wazungulira maluwa a shati yanuyo, umene nthawi zambiri umakhala wakuda, wa khofi kapena wa buluu woderako, ndipo buluku likhale la mtundu umenewo. Koma tibwerere kwa mwini funso, chifukwa mtundu ndi theka chabe la nkhani yake.

A Nachisale, kasokedwe ka bulauzi kangathe kuwononga zonse zimene mtundu wakonza. Mwati ndinu wamfupi, choncho bulauzi isatsike kudzaphimba matako, chifukwa idzadula mkombero woyamba pakati ndipo siketi idzaoneka yaifupi. Ithere m'chiuno penipeni, kapena mainchesi awiri kapena atatu pansi pake, kapena muipisire. Mukafuna kupisira, nsalu yake isakhale yopyapyala kwambiri ngati ya sikipa, chifukwa lamba wa siketi ya chitenje ndi wokhuthala, ndipo nsalu yofewa kwambiri imakwinyikira pamwamba pake. Siketiyo ndingaisoke yowongoka kapena yotaya pang'ono kumunsi, osati yamakwinya ambiri m'chiuno, pakuti makwinya amaphwanya mikombero n'kuisandutsa zidutswa. Uzani telala wanu kuti mzere wa mikombero ukhale pakati penipeni kutsogolo, ndipo pa msoko wa kumbuyo, pamene pali zipi, theka la mkombero wa kumanzere likumane ndi theka la kumanja. Zimenezi zimadya nsalu, mwina theka la mita kuposa siketi wamba, koma pa mamita anayi muli nayo yokwanira. Telala akangodula mosayang'ana kuti asunge nsalu, mudzapeza mkombero umodzi wakhala pambali pa mimba, wina wadulidwa pa thako, ndipo palibe bulauzi imene ingakonze zimenezo.

Anaphiri (Ndirande): Ndamva zonse, ndipo za maluwa oduka pa phewa ndavomereza, chifukwa ndinaziona pa mdzukulu wanga. Koma ine ndikufunsabe za ulemu wa pa mwambo. Bulauzi yopanda ngakhale kachidutswa ka chitenje cha banja, pa chithunzi cha azimayi atakhala pansi pamene siketi sizioneka, mwana ameneyu adzaoneka ngati mlendo wongodutsa. Duku lokha asalisiye.

Nachisale (Chilomoni): Amayi, mfundo imeneyo sindinaiganizire, ndipo ndi yoona, chifukwa pa chinkhoswe timakhala pansi nthawi yayitali. Nsalu itsala yokwanira duku. Koma kodi duku la chitenje chomwecho silidzabwezeretsa vuto lija pafupi ndi nkhope? Mnzanga wina wandiuzanso kuti telala aike chitenje pa kolala, kumapeto kwa manja ndi pa thumba la bulauzi kuti zigwirizane.

Che Saidi (telala, Limbe): Za mnzanuyo ndikukana. Kolala, manja ndi thumba ndi malo anayi mukawerenga manja onse awiri, ndipo bulauzi yotero si puleninso. Komanso mukadula kachingwe ka inchi imodzi kuchokera pa mkombero waukulu, sikaonetsa duwa lililonse, kamangokhala timagawo ta olenji, buluu ndi kirimu tosatsatana. Ngati mukufuna chizindikiro pa bulauzi, sankhani malo amodzi okha, monga mpendero wa manja, ndipo telala adule kachingweko potsata malo amene ali ndi mtundu umodzi kapena iwiri. Koma mukavala duku, ngakhale kachingwe kameneko n'kosafunika.

Duku lenilenilo silivuta ngati bulauzi ya chitenje, chifukwa likamangidwa limapindika, ndipo mikombero siioneka yathunthu, imangooneka mitundu yake. Pakati pa duku ndi siketi pali bulauzi yoderako imene ikulekanitsa ziwirizo. Chofunika n'chakuti limangidwe laling'ono, logwira mutu, osati lotambalala kuposa mapewa, ndipo popinda muonetsetse kuti mbali imene ikugunda pamphumi ndi ya mzere wa buluu kapena ya kirimu, osati olenji yekhayekha. Mukatero, khosi la bulauzi likhale losavuta, lozungulira kapena la V, ndipo mkanda waukulu muusiye kunyumba.

Mayi Gondwe (ogulitsa zitenje, msika wa Limbe): Apa ndiye tasiyana, Che Saidi. Duku laling'ono ndi la kumaliro kapena la kukhitchini. Pa chinkhoswe cha mng'ono wake, mkulu wake amange duku loti likaoneka anthu adziwe kuti pali chisangalalo. Bulauzi yachepetsa kale zinthu, ndiye n'chifukwa chiyani tikumuchepetseranso kumutu?

Tadala (Namiwawa): Ine ndingasankhe duku la puleni, la nsalu yomweyo ya bulauzi, kuti chitenje chikhale malo amodzi okha.

Anaphiri (Ndirande): Ndiye mwabwerera pomwe ndimakana paja. Duku la puleni ndi bulauzi ya puleni, atakhala pansi, chitenje cha banja chili kuti?

Nabanda (Bangwe): Pa duku ndili kumbali ya Anaphiri, koma ine nkhawa yanga ndi kutentha kumene Tadala anatchula poyamba, kumene sitinakuyankhe mokwanira. Kumapeto kwa Okutobala, masana, pansi pa tenti, bulauzi ya buluu woderako siidzamuphika munthu? Ndipo thukuta likauma pa nsalu yakuda limasiya mizere yoyera kukhwapa ndi kumsana.

Che Saidi (telala, Limbe): Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo sindingakunamizeni kuti nsalu yoderako siitentha padzuwa. Koma pansi pa tenti chimene chimaphika munthu kwambiri ndi mtundu wa ulusi, osati utoto. Poliyesita woyera wothina amatentha kuposa thonje loderako lomasuka, chifukwa satulutsa mpweya ndipo samwa thukuta. Agule popilini wa thonje kapena bafuta, mita imodzi ndi theka ndi yokwanira bulauzi ya manja ofika m'chigongono, ndipo asaikemo nsalu yam'kati, pakuti mtundu woderako suonekera m'kati. Kukhwapa telala asiye malo, pafupifupi inchi imodzi kuposa muyeso wa thupi, kuti nsalu isamatirire. Ubwino wina wa buluu woderako ndi wakuti thukuta likadali lonyowa silioneka kwambiri, pomwe pa olenji kapena pa nsalu yotuwa limajambula chizindikiro chachikulu. Mizere yoyera imabwera likauma, ndipo imachoka ndi madzi. Ngati a Nachisale amatuluka thukuta kwambiri moti zimenezi zikuwadetsa nkhawa, abwerere ku kirimu, koma akatero aonetsetse kuti chitenje chasiyiratu kutaya utoto, ndipo bulauziyo asaipisire.

Nachisale (Chilomoni): Ndinabwerera m'tauni ndi kachidutswa, ndipo padzuwa mzerewo ndi wa buluu ndithu. Ndapeza popilini woyandikana nawo, koma wogulitsa sakudziwa ngati ndi thonje lokha kapena wosakaniza. Kodi ndingadziwe bwanji ndisanalipire?

Mayi Gondwe (ogulitsa zitenje, msika wa Limbe): Finyani nsonga yake m'dzanja kwa kanthawi, kenako mutambasule. Thonje limatsala ndi makwinya, pomwe nsalu yochuluka poliyesita imabwerera yosalala ngati simunaigwire. Mukafuna kutsimikiza, pemphani kaulusi ka m'mphepete mukakawotche kunyumba ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa, koma poliyesita amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Yosakaniza imachita zonse ziwiri, ndipo ngati makwinya akutsala ndithu pofinya, ndiye kuti thonje ndi lochuluka, mukhoza kugula. Nayonso muichape kaye payokha musanapite nayo kwa telala, chifukwa buluu woderako wa pa thonje amataya utoto pa madzi oyamba, ndipo akhoza kudetsa malo a kirimu a siketi yanu.

Yamikani (Zingwangwa): Ndayang'ana shati yanga ija, ndipo maluwa ake alibe mzere wowazungulira, angogundana obiriwira ndi achikasu pa nsalu yoyera. Pamenepo ndiye buluku nditengere mtundu uti, Che Saidi?

Che Saidi (telala, Limbe): Tumizani chithunzi chojambulidwa panja, shatiyo itayalidwa pafupi ndi mabuluku amene muli nawo, chifukwa chobiriwira chili mitundu yambiri, ndipo cha masamba a chinangwa sichifuna buluku lofanana ndi cha ndimu yosapsa.